Kuwerenga Pulani ya Nyumba ndi Mapu Ojambulidwa pa Foni

Pulani ya nyumba ndi chojambula chosonyeza mmene nyumba ingaonekere munthu ataiyang'ana kuchokera pamwamba denga litachotsedwa, ngati mmene m'kati mwa poto mumaonekera chivindikiro chikavundukulidwa. Wojambula amayerekeza kuti nyumbayo yadulidwa chopingasa pamtunda wa pafupifupi mita imodzi kuchokera pansi. Chilichonse chimene chadulidwa pamenepo, monga makoma, zitseko ndi mazenera, amachilemba ndi mizere yooneka bwino. Mapu ojambula pamanja nawonso amaonetsa malo kuchokera pamwamba, koma ntchito yake ndi yolondolera njira kapena kusonyeza malire a munda kaya puloti.

Masiku ano zojambula zoterezi zimafika kwa mmisiri kapena kwa mwini malo ngati chithunzi cha pa foni, nthawi zambiri kudzera pa WhatsApp. Chithunzicho chimasunga manambala, zizindikiro ndi muvi wolozera kumpoto, koma chimataya zinthu ziwiri zimene pepala lenileni linali nazo: kukula kwake kwenikweni, ndi chitsimikizo chakuti pepalalo laima mbali yoyenera. N'chifukwa chake pulani yojambulidwa imawerengedwa mwa ndondomeko yake, kuyambira pa chithunzicho, kenako bokosi la mutu, zizindikiro, mbali za dziko, ndipo pomaliza miyeso.

Kuyesa chithunzicho

Chithunzi chodalirika chimaonetsa ngodya zonse zinayi za pepala. Zinthu zofunika kwambiri pa pulani zimalembedwa m'mphepete, ndipo ndi zimenezo zimene wojambula wofulumira amadula pofuna kuti zipinda zioneke zazikulu. Ngodya imodzi ikasowa, n'kutheka kuti muvi wa kumpoto kapena tanthauzo la zizindikiro zatsala kunja.

Chachiwiri ndi kupendekeka. Foni ikagwiridwa chopendeketsa, mbali ya pepala imene ili pafupi ndi kamera imaoneka yaikulu, ya kutali n'kuoneka yaing'ono. Vutoli limadziwika poyerekeza m'mphepete mwa pepala: ngati mbali ya kumtunda ndi yaifupi kuposa ya kumunsi, makoma ofanana adzaoneka osiyana, ndipo ngodya zoongoka zidzaoneka zotseguka kapena zopanikizika. Pepala lopindika kapena lamakwinya limakhotetsanso mizere ndi kubisa manambala amene agwera pampindiro.

Chachitatu ndi kutembenuzika. Kamera ya kutsogolo kwa foni, yodzijambulira nkhope, imatha kusunga chithunzi ngati cha pagalasi, cha kumanja chili kumanzere. Zikatero zilembo ndi manambala zimawerengeka chobwerera. Pulani yotereyi ikatsatiridwa, khitchini imene imayenera kukhala kum'mwera imakamangidwa kumpoto.

Chithunzi chabwino chimajambulidwa pepala litayalidwa pamalo osalala, panja pamthunzi, foni ili pamwamba penipeni. Pamafunika chithunzi chimodzi cha pepala lonse ndi zina zapafupi za mbali iliyonse. WhatsApp imachepetsa zithunzi potumiza, moti timanambala timafufutika, koma chithunzi chikatumizidwa kudzera pa batani la Document chimafika mmene chinajambulidwira.

Bokosi la mutu

Pangodya ya kumunsi chakumanja, kapena m'mphepete mwa kumanja, pamakhala bokosi lofotokoza chojambulacho. Mmenemo mumalembedwa dzina la ntchitoyo, nambala ya puloti, sikelo, tsiku, nambala ya pepala ndi chilembo chosonyeza kuti pulaniyo yakonzedwanso kangati. Chilembo chimenechi n'chofunika chifukwa m'foni imodzi mumatha kukhala zithunzi zitatu za nyumba imodzimodziyo. Pulani yolembedwa C ndi yatsopano kuposa ya A ndi ya B, ndipo mmisiri amene akutsatira A akhoza kukumba maziko a chipinda chimene chinachotsedwa kale.

Bokosilo limanenanso mtundu wa chojambula. Mapepala amene amapita kukhonsolo kukavomerezedwa amakhala ndi zojambula zingapo: cha puloti yonse chosonyeza pamene nyumba ikhale, cha zipinda, cha maonekedwe a kunja kwa mbali iliyonse, ndi cha nyumba yodulidwa choimirira chosonyeza kuzama kwa maziko ndi kutalika kwa makoma. Pulani ya zipinda payokha siinena kutalika kwa khoma kapena kutsetsereka kwa denga.

Zizindikiro za pa pulani

Makoma ndiwo mizere yochindikala kwambiri, ndipo amalembedwa awiriawiri, mpata wa pakati n'kukhala kunenepa kwa khomalo. Pa nyumba ya njerwa, khoma la kunja nthawi zambiri limakhala la mamilimita 230, lomwe ndi njerwa imodzi yogonekedwa chopingasa, ndipo la m'kati limakhala la mamilimita 115, lomwe ndi theka lake. Pa nyumba ya mabuloko a simenti manambala ake amakhala ngati 100, 150 kapena 200.

Khomo limaoneka ngati mpata pakhoma. Pampatapo pamachoka kamzere koongoka, komwe ndi chitseko chili chotsegula, ndi kamzere kokhota kosonyeza mmene chitsekocho chimayendera. Pamene kamzere koongokako kagunda khoma ndi pamene pamakhala mahinjesi. Motero chizindikiro chimodzi chimanena zinthu zitatu: pamene pali khomo, mbali yomangirira chitseko, ndiponso ngati chimatsegukira m'kati kapena kunja. Mpata wopanda kamzere kokhota ndi khomo lopanda chitseko, monga lochokera pabalaza kupita podyera.

Zenera limalembedwa ndi timizere tiwiri kapena titatu topyapyala m'kati mwa khoma, ndipo khomalo silioneka loduka kotheratu ngati pakhomo. Pafupi ndi makomo ndi mazenera pamakhala zilembo monga D1, D2, W1 ndi W2. D amaimira chitseko, W amaimira zenera, ndipo nambalayo imalozera ku tebulo lina pamene palembedwa m'lifupi ndi m'litali mwa felemu iliyonse. Mazenera onse olembedwa W1 ndi ofanana, choncho kuwawerenga kumapereka chiwerengero cha mafelemu oti owotcherera akonze.

Mizere yodukizadukiza imasonyeza chinthu chimene chilipo koma sichinadulidwe ndi mzere woyerekeza uja, chifukwa chili pamwamba kapena pansi pake. Mzere wotere wozungulira nyumba yonse kunja ndi pamene malata akuthera. Wochoka kubafa kupita kuseri kwa nyumba ndi paipi yokwiriridwa. Pa pulani yokonzanso nyumba yakale, khoma lodukizadukiza limatha kutanthauza khoma loti ligumulidwe. Masitepe amalembedwa ndi timizere totsatana, ndipo muvi wodutsa pakati pake kawirikawiri umaloza kokwera. Mzere wodutsa nyumba yonse wokhala ndi chilembo A kumapeto konse kuwiri si khoma: ukusonyeza pamene nyumba yadulidwa choimirira pa chojambula china.

Zina zimalembedwa mwachidule. WC ndi chimbudzi chamadzi, WHB ndi beseni losambira m'manja, ndipo MH kapena IC ndi kadzenje kovundikira kotsegulirapo mapaipi a zonyansa akatsekeka.

Zizindikiro za makoma, zitseko ndi mazenera zimafanana pafupifupi kulikonse. Za magetsi, za mapaipi ndi za mitundu ya zomangira zimasiyana malinga ndi wojambula. Kabwalo kokhala ndi mtanda m'kati kakhoza kukhala babu la kudenga pa pulani ina, n'kukhala china pa inzake. Chomasulira ndi bokosi la zizindikiro la pepala lomwelo, lomwe pamutu pake pamalembedwa LEGEND kapena KEY. Mitundu nayo imanyamula tanthauzo. Pa mapulani opita kumakhonsolo a ku South Africa, kumene anthu ambiri a kuno amagwira ntchito n'kumatumiza mapulani kumudzi, makoma atsopano amapakidwa mtundu wofiira pofuna kuwasiyanitsa ndi akale. Pepala loterolo likachitidwa fotokope yakuda ndi yoyera, kusiyanako kumazimiririka.

Muvi wa kumpoto

Pa mapu osindikizidwa, kumtunda kwa pepala kumakhala kumpoto. Pa pulani ya nyumba sizikhala choncho nthawi zonse, chifukwa wojambula amaika nyumba mmene ikwanire papepala, kawirikawiri khomo lalikulu lili kumunsi. Chimene chimanena zoona ndi muvi wokhala ndi chilembo N. Kumene muviwo waloza ndi kumpoto, kumchira kwake ndi kum'mwera. Pepala likatembenuzidwa mpaka muviwo kuloza kutsogolo kwa wowerenga, kum'mawa kumakhala kudzanja lake lamanja, kumadzulo kulamanzere.

Pamalo penipeni, kumpoto kumapezeka ndi dzuwa. Munthu akayang'ana kumene dzuwa likutulukira, kumpoto kuli kudzanja lake lamanzere. Komabe dzuwa limatulukira kum'mawa kwenikweni cha m'ma 21 Malichi ndi cha m'ma 23 Seputembala pokha. Mu Juni limatulukira chakumpoto ndi madigiri oposa 20, mu Disembala n'kutulukira chakum'mwera ndi madigiri omwewo. Popeza Malawi ali kum'mwera kwa ikweta, masana a miyezi yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto, ndipo mthunzi wa mtengo umagwera kum'mwera. Kampasi ya pa foni imathandizanso, koma imasokonezeka pafupi ndi malata, galimoto kapena mulu wa zitsulo, choncho iyenera kuwerengedwa pabwalo ndi kuyerekezedwa ndi dzuwa.

Kudziwa mbali kumasonyeza mmene nyumba idzakhalire. Chipinda chokhala ndi zenera lalikulu loyang'ana kumadzulo chimatentha kwambiri masana a mu Okutobala. Khonde loyang'ana kumpoto limalandira dzuwa m'nyengo yozizira, pamene loyang'ana pakati pa kum'mwera ndi kum'mawa limawombedwa ndi mphepo ya mwera.

Mawu akuti kumanja ndi kumanzere ndi osadalirika pofotokozerana pulani pa foni, chifukwa woima pamsewu akuyang'ana nyumba ndi woima pakhonde akuyang'ana msewu amaloza mbali zosiyana ndi mawu amodzi omwewo. Kunena kuti khitchini ili kum'mwera, kapena kuti ili mbali ya bikoni yakutiyakuti, sikusintha ngakhale womvayo ataima pati.

Sikelo ndi miyeso

Sikelo ya 1:100 imatanthauza kuti milimita imodzi papepala ndi mamilimita 100 pansi, kapena kuti sentimita imodzi ndi mita imodzi. Mapulani a zipinda ambiri amajambulidwa pa 1:100 kapena 1:50, a puloti pa 1:200 kapena 1:500. Mapu a boma a 1:50,000 amaonetsa kilomita imodzi ndi masentimita awiri.

Nambala imeneyi imagwira ntchito pa pepala la kukula koyambirira kokha. Pulani ya pa pepala la A1 ikasindikizidwa pa A3, mzere uliwonse umafupika ndi theka, ndipo 1:100 imasanduka 1:200 ngakhale bokosi la mutu likunenabe 1:100. Pa foni, pamene chithunzi chimakulitsidwa ndi zala, sikeloyo ilibenso tanthauzo. Chimene chimapulumuka ndi kamzere ka sikelo kogawidwa m'mamita, chifukwa kamakula ndi kuchepa pamodzi ndi chojambulacho. Koposa zonse, manambala olembedwa ndiwo amatsatiridwa, osati lula.

Miyeso imalembedwa pa mizere yopyapyala yoyenda m'mbali mwa nyumba, ndipo timizere topendekeka kapena timivi timasonyeza poyambira ndi pothera muyeso uliwonse. Manambalawo amakhala a mamilimita ngakhale sizinalembedwe, choncho 3600 ndi mamita 3.6. Mzere wapafupi ndi khoma umapereka miyeso ing'onoing'ono, wa kunja kwenikweni n'kupereka utali wa nyumba yonse. Amisiri ambiri amayeza m'mafiti, ndipo 3600 amaitchula kuti mafiti 12. Mafiti 12 enieni ndi mamilimita 3658, kusiyana kwa mamilimita 58 pa chipinda chimodzi, komwe kumaunjikana zipinda zikakhala zitatu.

Chitsanzo cha nyumba ya zipinda zitatu

Mmisiri walandira zithunzi ziwiri: cha puloti ya mamita 15 m'lifupi ndi 30 m'litali, ndi cha zipinda za nyumba ya njerwa. Pa zithunzi zonse ziwiri msewu uli kumunsi, ndipo muvi wa N waloza kudzanja lamanja la pepala. Zilembo zikuwerengeka bwino, kusonyeza kuti chithunzi sichinatembenuzike.

Popeza kumanja kwa pepala ndi kumpoto, kumanzere ndi kum'mwera, kumunsi ndi kum'mawa, ndipo kumtunda ndi kumadzulo. Msewu ndiye kuti uli kum'mawa kwa puloti, ndipo khonde limene layang'ana msewu lidzalandira dzuwa la m'mawa. Mmisiriyo akafika pamalopo m'mamawa n'kuima pakati pa puloti akuyang'ana msewu, dzuwa liyenera kukhala kutsogolo kwake. Likakhala kumbuyo, ndiye kuti waima pa puloti ya tsidya lina la msewu kapena muvi unalembedwa molakwika, ndipo kukumba sikuyenera kuyamba mpaka nambala ya puloti ndi mabikoni a m'ngodya zitatsimikizidwa.

Kutsogolo kwa nyumbayo, mzere wa kunja walembedwa 10290. Mzere wa m'kati uli ndi manambala asanu ndi awiri: 230, nambala ina yosawerengeka, 115, 3000, 115, 3000 ndi 230. Yosawerengekayo yagwera pampindiro wa pepala, ndipo ikuoneka ngati 3000, 3600 kapena 3800. Yankho limapezeka powonkhetsa. Manambala asanu ndi limodzi owerengekawo akupanga 6690, ndipo 10290 kuchotsa 6690 kutsala 3600. Chipindacho ndi cha mamita 3.6 m'lifupi. Mbali inayo chalembedwa 3500, choncho pansi pake ndi masikweya mita 12.6, nambala yogulira matailosi kapena siling'i. Kuwonkhetsa kotereku kumachitika mbali zonse za nyumba, chifukwa kumavumbulanso zolakwika za wojambula.

Zenera lina pakhoma lomwelo lalembedwa W2, koma tebulo la mazenera silinajambulidwe. Kukula kwake kungayerekezedwe. Chithunzi chikasiyidwa osakulitsanso, lula ikusonyeza kuti mzere wa 10290 ndi mamilimita 70 pagalasi la foni, kutanthauza kuti milimita imodzi ikuimira mamilimita 147. Zeneralo ndi mamilimita 8, zomwe zikupereka 1176, pafupi ndi zenera la 1200. Njirayi ili ndi malire. Kuphonya ndi theka la milimita pa lula ndi kuphonya ndi mamilimita oposa 70 pakhoma, ndipo imagwira ntchito pa mizere yoyandikana ndi yoyenda mbali imodzi yokha, popeza kupendekeka kwa kamera kumasintha mbali iliyonse mosiyana. Nambala yotereyi ndi yokwanira kuyerekezera mtengo, koma felemu isanadulidwe pamafunika chithunzi cha tebulo lija.

Mwini nyumba akasintha maganizo n'kugula mabuloko, makoma a kunja a 200 ndi a m'kati a 100, manambala sakwanirananso. Makoma anayiwo anali 690 onse pamodzi, tsopano ndi 600. Mamilimita 90 otsalawo ayenera kugawidwa m'zipinda kapena kuchotsedwa pa utali wa nyumba, ndipo chisankhocho chimapangidwa zingwe za maziko zisanamangidwe.

Mapu ojambula pamanja

Mapu olondolera kuukwati, kumaliro kapena kumalo ogulitsa amajambulidwa popanda sikelo. Wojambula amakulitsa malo amene amawadziwa bwino n'kufupikitsa msewu wautali, moti makilomita asanu a msewu wa tala ndi mamita 200 a kanjira ka kunyumba zimatha kuoneka zofanana. Chodalirika pa mapu otere ndi ndondomeko ya zinthu zimene woyenda akumane nazo, ndi mbali ya msewu imene chilichonse chili.

Mizere iwiri yoyenda limodzi nthawi zambiri ndi msewu waukulu, mzere umodzi ndi msewu wafumbi, wodukizadukiza ndi njira ya miyendo, ndipo wokhotakhota ndi mtsinje. Timizere tiwiri tatifupi pamene msewu wadutsa mtsinje ndi mlatho. Mwezi wakhanda ndi mzikiti, BH ndi mjigo. Mtanda umasokoneza, chifukwa ena amaimiritsa nawo tchalitchi, ena chipatala, ena manda, choncho pamafunika dzina pambali pake.

Mapu ambiri otere sakhala ndi muvi wa N. M'malo mwake kumapeto kwa msewu kumalembedwa kumene msewuwo ukupita. Pa msewu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi Kasungu, muvi wolembedwa kuti ku Kasungu ukuloza chakumpoto, ndipo wa ku Lilongwe chakum'mwera. Wowerenga amatembenuza foni mpaka msewu wa pa chithunzi ufanane ndi umene waimapo, atatseka kaye kutembenuka kwa chithunzi kuti foniyo isachibwezeretse. Mawu akuti kukhotera kumanja pachigayo amatanthauza kanthu pokhapokha zitadziwika kumene woyendayo akuchokera, chifukwa wochokera ku Kasungu adzakhotera kumanzere pamalo omwewo. Mphambano zimawerengedwa imodziimodzi, ndipo zizindikiro zokhalitsa monga mlatho, sukulu ndi mjigo n'zodalirika kuposa okala kapena mulu wa njerwa umene ungasamuke.

Mapu osonyeza malire a munda amafuna zambiri kuposa olondolera njira. Pamayenera kukhala utali wa mbali iliyonse m'mamita, chizindikiro cha pangodya iliyonse, mayina a oyandikana nawo mbali zonse, muvi wa kumpoto, tsiku ndi mayina a mboni. Muyeso wa mapazi umasiyana malinga ndi woyenda, ndipo chulu kapena mtengo wa pangodya ukhoza kuchotsedwa. Mapu oterewa amathandiza kukumbutsa zimene anthu anagwirizana, koma salowa m'malo mwa pulani ya akatswiri oyeza malo, imene imalemba nambala ya bikoni iliyonse, mtunda wa pakati pa mabikoni, ndi madigiri a kumene mzere uliwonse wa malire walunjika.